Kuchonga kwizi ya kemisitiri ya mnzanu: mafunso ndi mayankho

Aphunzitsi akati "sinthanani makope", kapena mnzanu akakupatsani pepala lake pa sitade kuti mumuonere, pali mafunso amene amabwerabwera. Tawasonkhanitsa pano. Zitsanzo zonse tazitenga pa kwizi imodzi ya mafunso asanu ya mtundu umene ophunzira okonzekera MSCE amakumana nawo: kulemba fomula, kubalansa ikwezhoni ndi kuwerengetsa mamolo. Kulemera kwa maatomu kumene tikugwiritsa ntchito ndi uku: H = 1, O = 16, Na = 23, Mg = 24, Ca = 40.

Ndiyambire pati ndikalandira kope la mnzanga?

Yambani ndi pepala lanu, osati lake. Lembani nokha yankho la funso lililonse, mzere ndi mzere, kenako muyerekeze ndi mayankho a aphunzitsi kapena a m'buku. Munthu amene wangoloweza kuti yankho la funso lachitatu ndi 10 g angathe kukhwatcha 14 g, koma sanganene kumene 14 yachokera, ndipo ntchito yeniyeni ili pamenepo.

Khalani ndi pensulo, kakuleta ndi tebulo la maelementi lomwelo limene munagwiritsa ntchito polemba kwiziyo. Mabuku ena amalemba Mg = 24.3, ena 24, ndipo kusiyana kumeneku kumasuntha yankho pang'ono popanda wina kulakwa. Werengani pepala lonse kamodzi musanaike chizindikiro chilichonse, chifukwa cholakwa cha pa funso lachiwiri nthawi zambiri chimakatulukira pa funso lachitatu.

Yankho lomaliza ndi lolakwika. Bwanji osangokhwatcha n'kulemba lolondola pambali?

Chifukwa mtanda umangomuuza kuti walakwa, zimene adziwa kale akangoona malikisi. Chimene sakudziwa ndi mzere umene wapatukira.

Tsatani ntchito yake kuchokera pamwamba, ndi kakuleta m'manja, mukudzifunsa pa mzere uliwonse ngati ukuchokeradi pa mzere wa pamwamba pake. Mizere yolondola ichongeni, ngakhale yankho la pansi litalakwika. Mukafika pa mzere woyamba wolakwika, zungulizani kachinthu komweko, kaya ndi nambala imodzi kaya bulaketi yosowa, osati mzere wonse. Kenako pitirizani mpaka pansi pogwiritsa ntchito nambala yake yolakwikayo, kuti muone ngati pali cholakwa chachiwiri kapena ngati zotsalazo wachita bwino.

Pa mafunso a mamolo, ambiri amene aphonya yankho amakhala atalakwitsa malo amodzi okha. Kuuza mnzanu kuti "mizere inayi wakhoza, umodzi uwu ndi umene wakugwetsa" ndi zoona, komanso n'zimene zimamveka bwino kuposa mawu aliwonse osyasyalika.

Pa funso loyamba mnzanga walemba CaOH₂ m'malo mwa Ca(OH)₂. Akuti ndi zofanana. Ndimufotokozere bwanji?

Musayambe ndi lamulo la mabulaketi. Mupempheni awerenge maatomu pa zimene walemba. Pa CaOH₂, kanambala 2 kakukhudza chilembo chimodzi chokha chimene chili pafupi nako, H. Ndiye pali Ca imodzi, O imodzi ndi ma H awiri. Pa Ca(OH)₂, kanambalako kakuchulukitsa zonse za m'bulaketi: Ca imodzi, ma O awiri, ma H awiri. Akangowerenga yekha, mkangano woti ndi zofanana umathera pomwepo.

Mukatero muonetseni chimene wakhoza, chifukwa chilipo. Kuti alembe 2 pamenepo, ndiye kuti akudziwa kuti ayoni ya Ca²⁺ ikufuna ma OH⁻ awiri kuti machaji afanane. Mbali yovutayo waimvetsa. Chatsala ndi kalembedwe: OH ndi gulu limene limayenda limodzi, ndipo likafunika kangapo limatsekeredwa m'bulaketi. Pamene likufunika kamodzi, monga pa NaOH, bulaketi siyofunika.

Onani ngati cholakwachi chalowa m'masamu. Kulemera kwa molo imodzi ya Ca(OH)₂ ndi 40 + 2 × (16 + 1) = 74 g. Mukaona 58, dziwani kuti wachita 40 + 16 + 2, ndipo gwero lake ndi bulaketi yomweyo. Pomaliza mupatseni ina yoyesa, monga Mg(NO₃)₂, mufunse kuti muli ma O angati. Akati sikisi, wamva.

Pa funso lachiwiri, pobalansa Mg + O₂ → MgO, iye walemba Mg + O₂ → MgO₂. Maatomu akufanana mbali zonse. Cholakwa chili pati?

Ili ndi funso limene ochonga ambiri amakakamira, chifukwa mnzanuyo akawerenga amapeza Mg imodzi uku ndi uku, ma O awiri uku ndi uku. Muvomereni kaye kuti kuwerengako walondola, ndipo cholinga cha kubalansa wachimvetsa. Vuto ndi njira imene wadutsa. Wasintha kanambala ka pansi, ndipo kanambala ka pansi ndi mbali ya dzina la chinthucho. Kukasintha ndi kusintha chinthu chimene chapangidwa.

Chitsanzo chimene chimalowa msanga ndi cha H₂O ndi H₂O₂. Choyamba ndi madzi akumwa. Chachiwiri ndi haidirojeni perokisaidi, mankhwala aja amachita thovu akathiridwa pa bala. Kusiyana kwake ndi kanambala kamodzi. Chimodzimodzi, phulusa loyera limene limatsala waya wa maginiziyamu ukayaka ndi MgO, chifukwa Mg²⁺ imodzi ikukwanirana ndi O²⁻ imodzi. Fomula imeneyi sitikambirana nayo.

Chimene timaloledwa kusintha ndi nambala yaikulu ya kutsogolo, imene ikunena kuchuluka kwa chinthucho. Mutsogolereni ndi mafunso awiri. Kumanzere kuli ma O awiri, ndiye pakufunika ma MgO angati? Awiri. Nanga tsopano ma Mg kumanja alipo angati, ndipo kumanzere tichite bwanji? Alemba yekha:

2Mg + O₂ → 2MgO

Pali cholakwa china chofanana nacho: kulemba Mg + O → MgO. Apa wafufuta 2 ya okosijeni kuti zinthu ziphweke. Mukumbutseni kuti okosijeni wa mu mpweya amakhala maatomu awiriawiri, monganso H₂, N₂ ndi Cl₂.

Cholakwa cha funso lachiwiri chamulakwitsanso funso lachitatu. Ndimudule kawiri?

Funso lachitatu likuti: pezani kulemera kwa MgO imene ipangike 6 g ya maginiziyamu ikayaka yonse. Njira yolondola ndi iyi. Mamolo a Mg ndi 6 ÷ 24 = 0.25. Ikwezhoni ikuti 2 ya Mg ikupereka 2 ya MgO, ndiye mamolo a MgO ndi 0.25 omwewo. Molo imodzi ya MgO ikulemera 24 + 16 = 40 g. Yankho ndi 0.25 × 40 = 10 g.

Mnzanu amene analemba MgO₂ apeza 24 + 32 = 56, kenako 0.25 × 56 = 14 g. Yang'anitsitsani: mamolo wapeza bwino, kufanana kwa mamolo wakuona, kuchulukitsa wachita bwino. Pa funsoli sanachite cholakwa chatsopano. Wangonyamula chakale.

Za malikisi, tsatani zimene aphunzitsi anena. Ambiri amapereka malikisi a njira pamene masitepe ali olondola ndipo amangochotsa a yankho lomaliza, koma izi si zanu kugamula. Ngati sananene, ikani kachizindikiro ndipo mufunse. Pofotokoza, muuzeni momveka kuti cholakwacho ndi chimodzi, ndipo mupempheni abwereze mzere womaliza ndi 40 m'malo mwa 56. Akaona 10 ikutuluka pa kakuleta yake, adziwa kuti mamolo amawatha. Munthu amene wangoona mitanda iwiri amapita kunyumba akuganiza kuti mitu yonse iwiri yamukanika.

Mnzanga sanaonetse masitepe, wangolemba nambala. Ndingadziwe bwanji chimene walakwitsa?

Gawani yankho lake ndi yankho lolondola. Nambala imene ituluke nthawi zambiri imaulula cholakwacho.

Pa funso lachitatu lija, 20 g ndi kuwirikiza kawiri 10 g. Kawirikawiri izi zimachokera pa kutenga 2 ya kutsogolo kwa MgO n'kuilowetsa m'kulemera kwa molo, n'kupeza 80, kwinaku akugwiritsabe ntchito mamolo 0.25. Nambala ya kutsogolo imagwira ntchito poyerekeza mamolo basi, simalowa m'kulemera kwa molo imodzi. Yankho la 160 g likusonyeza kuti watembenuza kugawa: wachita 24 ÷ 6 n'kupeza mamolo 4. Ameneyu mufunseni kuti, ngati molo imodzi ndi 24 g, kodi 6 g ingapose molo imodzi? Funso limeneli limamuthandiza kuposa kumulowezetsanso fomula.

Funso lachinayi likuti 4 g ya NaOH yasungunulidwa m'madzi mpaka kukwana 250 cm³, pezani konsentireshoni. Mamolo ndi 4 ÷ 40 = 0.1. Voliyumu mu dm³ ndi 250 ÷ 1000 = 0.25. Yankho ndi 0.1 ÷ 0.25 = 0.4 mol/dm³. Mukaona 0.0004, yankho lachepa ka 1000, ndipo palibe chokayikitsa: wagawa ndi 250 osasintha cm³ kukhala dm³. Mukaona 16, wagawa magalamu ndi 0.25 osapeza mamolo. Nambala imeneyi si yopanda pake ayi, ndi konsentireshoni yolondola mu g/dm³, ndipo muuzeni choncho: watsala ndi sitepe imodzi, kugawa ndi 40.

Ngakhale mutaganiza kuti mwachitulukira, mufunseni mwini wake: "Nambala iyi unaipeza bwanji?" Nthawi zina njira yake inali yolondola ndipo chala chinangophonya batani la kakuleta. Munthu wotero safunika phunziro la mamolo. Akufunika kumva kuti akanalemba masitepe, malikisi ena akanapulumuka.

Pa funso la taitireshoni wagwiritsa ntchito C₁V₁ = C₂V₂ imene tinaphunzira m'kalasi, koma yankho lake silikufanana ndi la aphunzitsi. Chachitika n'chiyani?

Ili ndi funso lachisanu, ndipo limagwetsa ngakhale okhoza bwino. Likuti 25 cm³ ya NaOH ya 0.1 mol/dm³ yathetsedwa mphamvu ndi 20 cm³ ya H₂SO₄, pezani konsentireshoni ya asidiyo. Mnzanu walemba 0.1 × 25 = C × 20 n'kupeza 0.125 mol/dm³. Masamu ake ndi oyera. Koma yankho ndi 0.0625 mol/dm³, theka lenileni.

Fomula imene wagwiritsa ntchito si yabodza. Imagwira ntchito pothira madzi mu solushoni kuti ichepe mphamvu, ndiponso pa taitireshoni imene molo imodzi ya asidi ikukumana ndi molo imodzi ya besi, monga HCl ndi NaOH. Zitsanzo zoyamba za m'kalasi nthawi zambiri zimakhala za HCl, ndiye munthu amazolowera kuti fomulayo imatsegula paliponse. Muuzeni zimenezi poyamba, kuti adziwe kuti sanalote fomulayo.

Kenako mupempheni alembe ikwezhoni, chifukwa ambiri olakwitsa apa amakhala asanailembe n'komwe:

H₂SO₄ + 2NaOH → Na₂SO₄ + 2H₂O

Mufunseni kuti molo imodzi ya asidi ikufuna mamolo angati a NaOH. Akati awiri, yendani naye masitepe atatu. Mamolo a NaOH ndi 0.1 × 0.025 = 0.0025. Mamolo a H₂SO₄ ndi theka lake, 0.00125. Konsentireshoni ndi 0.00125 ÷ 0.020 = 0.0625 mol/dm³.

Wina apeza 0.25. Ameneyu ikwezhoni anailemba ndipo 2 anaiona, koma wachulukitsa pamene anayenera kugawa. Ali pafupi kuposa wa 0.125 uja, ngakhale nambala yake ikuoneka yakutali. Mufunseni kuti pakati pa asidi ndi besi, chimene chikufunika chochepa ndi chiti. H₂SO₄ imodzi ikupereka ma H⁺ awiri, ndiye mamolo ake ayenera kuchepa poyerekeza ndi a NaOH, osati kuchuluka.

Nanga akasiya mayuniti, kapena yankho likangosiyana pang'ono?

Mayuniti akasowa, chongani masamuwo ndipo lembani funso lalifupi pambali: "0.4 ya chiyani?" Onani pa funso lachinayi pamwambapa kuti 16 ndi 0.4 onse ndi olondola, malingana ndi yuniti imene yatsatira.

Yankho losiyana pang'ono nthawi zambiri limachokera pa kudula madesimo msanga. Pa funso lachisanu, amene wasandutsa 0.00125 kukhala 0.0013 apeza 0.065, ndipo amene waidula kukhala 0.001 apeza 0.05. Kemisitiri yake ilibe vuto. Mulangizeni asunge nambala yonse pa kakuleta ndipo afupikitse pa mzere womaliza pokha.

Wapeza yankho lolondola koma njira yake si imene tinaphunzira. Ndichonge?

Itsateni kaye. Pa funso lachitatu wina angalembe kuti 48 g ya Mg ikupereka 80 g ya MgO, ndiye 6 g ipereka 6 × 80 ÷ 48 = 10 g. Mawu oti molo sanawatchule, koma njirayi ndi yolondola, chifukwa 2 waichulukitsa mbali zonse. Chongani.

Zosiyana ndi pamene zolakwa ziwiri zafafanizana, monga kuiwala kusintha cm³ pa mzere wina n'kungosuntha desimo pansi kuti yankho lioneke bwino. Pamenepo muonetseni, ngakhale nambala yomaliza ikufanana ndi yanu, chifukwa pa funso lina mwayi umenewo sudzabwera.

Ndilembe mawu otani m'kope, ndipo ndilankhule bwanji kuti asakhumudwe?

M'kope lembani mwachidule, ndi pensulo, pafupi ndi malo olakwikawo: "sintha cm³ kukhala dm³", "werenga ma O", "ikwezhoni ili kuti?" Musalembe yankho lonse. Musalembenso mawu onena za munthuyo, monga "ulesi" kapena "uziwerenga". Kope limakafika kunyumba, ndipo zimene mwalemba ziwerengedwa ndi makolo ake inu kulibe.

Polankhula, khalani naye pambali, kope lili pakati panu, osati kuitanira gulu. Ndondomeko imene imagwira ntchito ndi kunena chimene wakhoza mwachindunji, kuloza mzere, kufunsa funso limodzi, kenako kukhala chete kuti aganize. Mwachitsanzo: "Aise, mamolo wapeza bwino, 0.1 iyi ndi yolondola. Taona mzere wotsatirawu. Yuniti ya yankho ndi mol/dm³, nanga 250 iyi ili mu chiyani?" Pensulo ikhale m'manja mwake. Mukailanda n'kuyamba kulemba nokha, iye amangogwedeza mutu, ndipo mawa abwereza zomwezo.

Pali mawu atatu ofunika kuwapewa. "N'zophweka izi" amamupweteka munthu amene zamuvuta. "Aliyense wakhoza ili" amamupatula pa gulu. "Wangolakwitsa pang'ono" ndi abwino pokhapokha ngati zilidi choncho. Wa 0.125 uja sanalakwitse pang'ono, pali mfundo imene sanaigwire, ndipo kumubisira si chifundo chifukwa adzakumana nayonso pa mayeso a MANEB. Mungathe kunena kuti, "Apa pali chinthu chimodzi chachikulu, tiye tichione bwinobwino." Mawu amenewa ndi aulemu ndipo sakunama.

Ngati mnzanuyo ndi wamkulu kwa inu, monga zimakhalira m'makalasi a madzulo kumene ena ndi abambo ndi amayi, "iwe" ndi "aise" asiyeni. Nenani kuti, "Achimwene, taonani mzere uwu" kapena "Amayi, pano munaganiza bwanji?" Ndondomeko yake ndi yomweyo.

Walakwa pafupifupi mafunso onse. Ndifotokoze chilichonse?

Zizindikiro ikani paliponse pamene pakufunika, koma pofotokoza musayende funso ndi funso ngati mukuwerenga milandu. Sanjani zolakwazo m'magulu. Pepala la mitanda isanu lingathe kukhala ndi magwero awiri okha: mafomula, amene agwetsa funso loyamba, lachiwiri ndi lachitatu, ndi kusintha cm³, kumene kwagwetsa lachinayi ndipo mwina lachisanu. Yambani ndi gwero la pansi. Munthu amene sakutha kulemba fomula kuchokera ku machaji a maayoni sapindula ndi kufotokozeredwa taitireshoni tsiku lomwelo. Chitani naye mafomula atatu kapena anayi, monga NaCl, CaCl₂ ndi Al₂O₃, mubwerere ku funso lachiwiri, zotsalazo mupangane tsiku lina.

Malikisi ake ndi nkhani ya iye ndi aphunzitsi. Pindani pepala pobweza, ndipo ena akafunsa kuti wapeza zingati, auzeni akafunse mwini wake.

Akukana kuti sanalakwe, ndipo nanenso ndayamba kukayika. Titani?

Musalimbane ndi mawu, yesani yankholo. Pa ikwezhoni, werengani maatomu a elementi iliyonse mbali zonse ndipo onani ngati mafomula ali olondola. Pa masamu, bwererani chammbuyo. Ngati akuumirira 0.0004 mol/dm³, chulukitsani ndi 40: zikupereka 0.016 g pa lita imodzi. Koma funso lati 4 g yalowa mu kota ya lita, kutanthauza 16 g pa lita. Manambala awiriwa sangagwirizane, ndipo aona yekha. Ngati akuumirira 20 g ya MgO, muonetseni kuti 24 g ya Mg imapereka 40 g, kumene sikufika pa kuwirikiza kawiri, ndiye 6 g singapereke zoposa 12 g.

Kuyesa kumeneku kumagwira mbali zonse. Mayankho a kumapeto kwa buku nthawi zina amasindikizidwa molakwika, ndipo wochonga nayenso amaphonya. Zikaoneka kuti mnzanu ndiye walondola, fufutani mtandawo iye akuona. Mukalephera kumvana, lembani njira zonse ziwiri pa pepala limodzi ndipo mupite nonse kwa aphunzitsi, kuti funso likhale loti "njira iti ikulondola", osati "ndani walakwa".

Akundipempha kuti ndimuwonjezere malikisi kapena ndimulole akonze yankho tisanapereke. Ndimuyankhe bwanji?

Kanani mwachidule, popanda ulaliki: "Malikisi sindisintha, koma tiye tikonze limodzi pansipa." Yankho loyamba lisiyeni mmene lilili. Jambulani mzere pansi pa kwiziyo, alembe zokonza zake pamenepo ndi inki yosiyana, ndipo mulembe pambali nambala ya funso lililonse. Aphunzitsi akaona kuti theka la kalasi lalemba 0.125 pa funso lachisanu, amadziwa kuti afunika kubwereza za H₂SO₄ ndi NaOH. Mayankho amenewo akafufutidwa mwakachetechete, iwo amapitirira ku mutu wotsatira poganiza kuti kalasi yonse yamva.